Moni wa ku ofesi ya boma si moni wa kwa wogula wanu

Nyengo yokolola ikangotha, alembi a makopaletivu, a makalabu a amai ndi a tumabungwe ta Akhristu amakhala ndi makalata ambiri oti alembe. Ena amapita ku maofesi a boma kukapempha thandizo, ena amapita kwa anthu amene amatigula nshawa, soya, nyemba ndi nkhuku. Ambiri mwa makalatawa amadzera m'manja mwa ife akatekisti pambuyo pa mapemphero a pa Sondo kuti tiwaonere asanatumizidwe, ndipo pali cinthu cimodzi cimene timacipeza kawirikawiri. Kalata yopita kwa mkulu wa boma imayamba ngati yopita kwa amalume, pamene kalata yopita kwa wogula amene takhala naye zaka zambiri imauma ngati samani ya ku khoti. Onse awiri olembawo amafuna kucita ulemu, koma ulemuwo amaupereka pa khomo losayenera.

Mwambo wathu ndi wodziwika. Munthu ukafika pakhomo umaodira, umakhala pansi, umalandira moni, umafotokoza za umoyo wa kumene wacokera, ndipo pambuyo pake ndi pamene umanena cimene wadzera. Wofikira pa nkhani asanapereke moni timati sanaleredwe. N'cifukwa cake makalata athu akale ankayamba ndi kunena kuti ndine wokondwa kukulemberani kalatayi, coyamba ndifuna kumva za umoyo wanu, kunena ine kuno ndiri bwino. Palibe colakwa ndi mau amenewa. Funso limene mlembi ayenera kudzifunsa asanagwire colembera ndi lakuti, kodi kalatayi idzawerengedwa ndi yani, ndipo ikawerengedwa idzasungidwa kuti?

Kalata yopita ku boma siwerengedwa ndi munthu mmodzi. Ikafika imayamba yalandiridwa ndi kalaliki wosunga makalata, amene amaitsegula, kuidinda cidindo ca tsiku limene yafika, ndi kuiika m'failo ya nkhani yake. Kucokera pamenepo imapita kwa mkulu wa ofesi, iye amalembapo mau pang'ono ndi kuitumiza kwa wanchito amene nkhaniyo ikumukhudza. Mwina pakatha caka mkuluyo wasamutsidwa, wabwera wina, ndipo watsopanoyo adzatsegula failo yomweyo. Tsono taganizani kalata imene ndime yake yoyamba ikufunsa ngati mwendo wa abwana unapola, ndi ngati ana akukhoza bwino kusukulu. Kalaliki akufuna kudziwa failo yoti aiikemo, koma ayenera kuwerenga tsamba lonse kuti apeze kuti anthuwa akufuna ciani. Pa tebulo pake pali makalata ena ambiri. Yanuyo idzaikidwa pambali kuti aione bwino nthawi ina, ndipo nthawi inayo imacedwa kufika.

Tiyerekeze ndi kopaletivu ina ya mamembala 42 ya m'boma la Katete. Mlembi wake ali ndi makalata awiri oti alembe tsiku limodzi m'mwezi wa Juni. Yoyamba ikupita kwa mkulu woyang'anira zaulimi m'boma, amene alimi tonse timamudziwa ndi dzina lakuti DACO, kupempha mlangizi. Yaciwiri ikupita kwa mai wina wa ku Chipata wopanga cimponde, amene amagula nshawa za kopaletivuyi caka ndi caka ndipo watsala ndi ngongole.

Pa kalata yoyamba, mlembi ayambe ndi keyala ya kopaletivu pamwamba, mudzi ndi mfumu yake, nambala ya foni imene imayankhidwa, ndi tsiku. M'munsi mwake alembe udindo wa amene akumulembera, osati dzina lake: Mkulu wa Zaulimi m'Boma, Ofesi ya Zaulimi, Katete. Pa envulopu acite cimodzimodzi. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, cifukwa amaganiza kuti kuchula dzina la bwana kudzafulumizitsa zinthu. Envulopu yolembedwa dzina la munthu imaoneka ngati kalata yake ya iye mwini, ndipo kalaliki wosamala sangaitsegule. Ngati mwini dzinayo ali pa chuti kapena wapita ku maphunziro ku Lusaka, kalatayo idzamudikira m'kabati. Yolembedwa udindo imatsegulidwa tsiku lomwelo, ndipo aliyense amene wagwirizira mpandowo akhoza kuiyankha.

Moni wake ndi mau amodzi okha: Bwana. Ngati mukudziwa kuti pa mpandowo pali munthu wamkazi lembani kuti Mai, ndipo ngati simukudziwa lembani Bwana kapena Mai. Musaganize kuti mkulu aliyense wa boma ndi mwamuna, masiku ano maofesi ambiri akuyendetsedwa ndi amai, ndipo mai amene walandira kalata yomuchula kuti abambo amadziwa kuti olembawo sanafunse n'komwe. Pansi pa moni pabwere mutu wa nkhani m'zilembo zazikulu, monga PEMPHO LA MLANGIZI WODZAPHUNZITSA KASUNGIDWE KA NSHAWA. Mutu umenewu ndiwo umauza kalaliki failo yake. Kenaka kalata yeniyeni ikhoza kukhala motere:

"Ife mamembala 42 a kopaletivu yochulidwa pamwambapa tikupempha ofesi yanu kuti ititumizire mlangizi wodzatiphunzitsa kasankhidwe ndi kasungidwe ka nshawa. Caka catha matumba 9 mwa matumba 60 amene tinasonkhanitsa anakanidwa ndi ogula cifukwa ca cuku. Tikhoza kusonkhana Lacitatu lina liri lonse m'mwezi wa Julaye pa sukulu ya m'mudzi mwathu, kuyambira 9 koloko m'mawa. Mlangizi wa kampu yathu akuidziwa nkhaniyi ndipo kalatayi yadzera kwa iye. Tidzayamikira yankho lanu. Ine wanu wokhulupirika."

Pansi pake mlembi asaine, alembe dzina lake lonse moonekera bwino, udindo wake, ndi kudinda cidindo ca kopaletivu. Wina adzati, nanga ulemu uli kuti m'kalata youma cotere? Ulemu ulimo ndithu. Uli m'mau akuti tikupempha m'malo mwa tikufuna, uli m'kunena kuti ofesi yanu, uli m'kusadumpha mlangizi wa kampu amene ali pafupi nanu, ndipo koposa zonse uli m'kusamutayitsa nthawi munthu amene ali ndi anthu ena pa mzere panja. Mkulu wa zaulimi akawerenga mizere isanu imeneyi wadziwa amene akupempha, cimene akupempha, cifukwa cake, tsiku ndi malo. Akhoza kulembapo nthawi yomweyo kuti mlangizi wakutiwakuti apite.

Onaninso kuti kalatayi ili ndi nkhani imodzi yokha. Mamembala pa msonkhano adzamuuza mlembi kuti poti mukulembera ku boma muikemonso za feteleza wa FISP amene anacedwa, za mlatho ndi za mjigo umene unathyoka. Mlembi wanzeru akane. Kalata imodzi siingagone m'mafailo atatu, ndiponso za mjigo ndi mlatho si za ofesi ya zaulimi. Nkhani iri yonse ikhale ndi kalata yake ndi ofesi yake.

Tiime pang'ono pa maudindo, cifukwa apa pali cisokonezo cacikulu. Mau akuti Olemekezeka ndi a aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi nduna za boma. Anchito a boma monga mkulu wa zaulimi, mkulu wa maphunziro kapena mkulu wa cipatala sachedwa motero, ndipo kuwapatsa dzinali kumangoonetsa kuti mukuwanyengerera. Ku khonsolo nakonso kuli mipando iwiri yosiyana. Pali wapampando wa khonsolo, kapena meya m'mizinda, amene timamusankha pa voti, ndipo pali mkulu wa anchito amene amayendetsa ofesi tsiku ndi tsiku. Makalata a malo, a misika ndi a malayisensi amapita kwa mkulu wa anchitoyu. M'makhonsolo a m'matauni ang'ono iye ndi Mlembi wa Khonsolo, pamene m'makhonsolo a mizinda monga Chipata, umene unakwezedwa kukhala mzinda waukulu mu 2017, udindowo uli ndi dzina lina, conco funsani pa khomo musanalembe. Kuyambira 2022, pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, anthu ambiri akhala akulembera aphungu makalata aatali odzaza ndi matamando. Matamandowo sathandiza, popeza mapempho a ndalamazi amayambira ku komiti ya citukuko ya wadi yanu ndipo ali ndi mafomu ake.

Mafumu athu ndi nkhani ina. Kumeneko mwambo ndi umene umatsogola, ndipo kalata yopita kwa mfumu imayenera kudzera kwa anyakwawa kapena nduna zake, ndi moni wa ulemu wa kwaoko. Amene akulembera ku likulu la Kalonga Gawa Undi kapena la Nkhosi ya Makhosi Mpezeni afunse akuluakulu a kumeneko kachulidwe koyenera, asangotengera kalata ya ku ofesi ya zaulimi.

Pali mau ena amene pakamwa amamveka abwino koma pa pepala la boma ndi oopsa. Ena amatseka kalata ponena kuti mukatithandiza sitidzakuiwalani, kapena kuti tikukusungirani kambuzi. Kumudzi kumeneko ndi kuyamika. M'failo ya boma mau amenewo amawerengedwa ngati ciphuphu, ndipo wanchito woopa nchito yake akhoza kuopa kukuthandizani ngakhale pempho lanu liri loyenera, kuti anzake angamuganizire. Cimodzimodzi ndi cimbuya. Ngati bwanayo ndi Mbemba ndipo inu ndinu a kum'mawa, sekani naye mukakumana pa maliro kapena pa msika, muchulane maina onse amene mumachulana, koma m'kalata musalembemo. Amene adzaiwerenge caka camawa sadzamva kuseka kwanu, adzangoona citonzo.

Ciyankhulo ca nchito za boma m'dziko lathu ndi Cingerezi, ngakhale Cinyanja ndi cimodzi mwa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma limagwiritsa nchito m'masukulu ndi pa wailesi. Motero makalata ambiri opita ku maofesi amayenera kumasuliridwa. Ife timalangiza kuti muyambe mwailemba m'Cinyanja, mamembala aimve ndi kuivomereza, kenaka mupatse mphunzitsi kapena mwana wa sekondale kuti aitembenuze. Muuzeni kuti asaonjezemo mau akuluakulu ofuna kuonetsa sukulu yake. Mukumbutseninso lamulo limene anaphunzira m'kalasi, lakuti m'Cingerezi moni ndi mau otsekera zimayendera pamodzi: kalata yoyamba ndi Bwana popanda dzina imatsekedwa ndi mau otanthauza wanu wokhulupirika, pamene yoyamba ndi dzina la munthu imatsekedwa ndi mau otanthauza wanu moona mtima. Pomaliza lembani makope awiri. Mukapereka imodzi, pemphani kalaliki adinde inayo cidindo ca tsiku, mubwerere nayo. Mukadzalemba kaciwiri mudzayamba ndi kuchula tsiku la kalata yoyambayo, ndipo ofesi ikakuyankhani ndi nambala ya failo pamwamba, nambala imeneyo muziibwereza m'kalata iri yonse yotsatira.

Tsopano mlembi wathu atenge pepala laciwiri. Mai wa ku Chipata uja anatenga matumba 12 a nshawa m'mwezi wa Meyi pa mtengo umene anagwirizana wa K600 thumba limodzi. Analipira matumba 8, kwatsala matumba 4, ndiye kuti K2,400. Iyeyu ndi munthu amene amadya nsima pakhomo pa wapampando akabwera kudzagula, ndipo anatumiza cipepeso pamene membala wina anamwalira. Mlembi akadali ndi mzimu wa kalata ya ku boma akhoza kulemba kuti Mai, ndi mutu wa zilembo zazikulu wakuti NGONGOLE YA K2,400. Maiyo akaiwerenga adzamva cinthu cimodzi cokha, cakuti anthu aja andikwiyira ndipo akukonzekera kunditengera ku khoti. Mwina adzalipira msanga, koma caka camawa adzakagula nshawa kwina, ndipo kopaletivu idzataya wogula wa matumba ambiri cifukwa ca moni.

Kwa munthu wotere mwambo wathu wonse ubwerere. Muchuleni monga mumamuchulira pamaso, ndi mfunda wake kapena ndi dzina la mwana wake woyamba, ndipo mufunse za umoyo mochula zenizeni zimene mukuzidziwa. Tinene kuti mfunda wake ndi Phiri:

"Okondedwa amai Naphiri, landirani moni wocokera kuno kumudzi. Tikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo ndi ana. Tinamva kuti agogo anagonekedwa m'cipatala, kodi akupezako bwanji tsopano? Kuno tonse tiri bwino, cisanu cokha ndico catikulira caka cino. Amai, talemba kuti tikumbutsane za nshawa zija munatenga pa 16 Meyi. Anali matumba 12 pa K600 limodzi. Tinalandira ndalama za matumba 8 ndipo tikuthokoza, kwatsala K2,400 ya matumba 4. Mamembala akufuna kugawana ndalama zao pa msonkhano wa pa 30 Juni, tsono zikanatithandiza mukanatumiza lisanafike tsikulo. Ngati pali cobvuta tiuzeni kuti tione pamodzi cocita. Nshawa zina zabwino zilipo, takusungirani. Mutiperekere moni kwa onse kunyumba. Ndife anu."

Moni ndi wautali, mau ndi ofewa, koma manambala ali pomwepo osabisika: tsiku, matumba, mtengo, zolipidwa, zotsala ndi tsiku loyembekezera. Apa ndi pamene cibwenzi cimawagwetsa alembi ena. Pocita manyazi amadzaza tsamba ndi moni ndi nkhani za mvula, ndipo kumapeto amangoti musatiiwale pa kanthu kaja. Kanthu kaja ndi zingati? Wogulayo akhoza kukumbukira matumba atatu pamene inu mukukumbukira anai, ndipo pakatha miyezi itatu mudzakangana popanda pepala lokuweruzani. Ubwenzi umasintha moni ndi kamvekedwe ka mau, koma susintha masamu. Onaninso mau akuti tikumbutsane ndi akuti mukanatumiza. Amamupatsa munthu mpata wolipira asanacite manyazi, pamene mau akuti mulipire amamuika kale pa mlandu.

Ife a mu Mpingo tiri ndi zitsanzo za makalata awiriwa m'Malembo momwe. Mu Nchito za Atumwi mutu 23 muli kalata ya mkulu wa asilikali, Klaudio Lisiya, yopita kwa bwanamkubwa Felikisi pa mlandu wa Paulo. Ili ndi dzina la wolemba, ulemu wa udindo wa wolandira, moni wa liu limodzi, ndipo nthawi yomweyo nkhani yayamba. Koma Paulo polembera bwenzi lake Filemoni akuyamba ndi moni wa banja lonse ndi mayamiko, kenaka n'kufika pa nkhani yobvuta ya Onesimo, ndipo za ngongole sakuzizemba, akulonjeza ndi dzanja lake kuti adzalipira.

Nanga wogulayo akapanda kuyankha? Musalumphe kucoka pa okondedwa kufika pa samani. Kalata yaciwiri ikhalebe ndi dzina lake ndi moni, koma waufupi, ndipo ichule tsiku la kalata yoyamba. Yacitatu ndiyo ikhoza kukhala ndi mutu, cidindo ca kopaletivu ndi kusaina kwa wapampando pamodzi ndi mlembi. Wogula wanzeru amaona yekha kuti moni ukufupika ndipo amadziwa tanthauzo lake. Inunso mukhoza kudziwa ngati munalakwitsa muyeso poona yankho. Bwenzi limene limakulemberani mizere khumi likangoyankha kuti ndamva, kapena likatuma munthu kudzafunsa kuti kodi talakwanji, dziwani kuti kalata yanu inauma kopitirira. Likayankha ndi moni wokoma wautali osachulapo za ndalama, ndiye kuti nkhani yanu inamira m'moni.

Cobvuta ceniceni m'maparishi mwathu n'cakuti nthawi zambiri munthu wa ku boma ndi bwenzi lomwe. Mlangizi wa kampu amaimba nafe kwaya, aphunzitsi aakulu ndi a m'kabungwe kathu, kalaliki wa ku khonsolo amatigula nkhuku pa Khrisimasi. Apa yang'anani ndalama ndi mphamvu zimene zikugwira nchito pa nkhaniyo, ngati ziri zake kapena za ofesi. Aphunzitsi aakulu akagula nkhuku ziwiri za kunyumba kwao, alembereni monga mnzanu wa mu Mpingo. Koma akaitanitsa matumba a nyemba odyetsa ana a sukulu yogonera komweko, wogula ndi sukulu, ndipo kalata yanu idzaonedwa ndi wosunga ndalama ndiponso ofufuza mabuku a boma. Imeneyo ilembedwe kwa Mphunzitsi Wamkulu mwa udindo, ndi mutu, kuculuka kwa matumba ndi mtengo, popanda mau akuti m'bale wanga mwa Khristu. Mukafuna kuwapatsa moni wa cibale, apatseni pakamwa popereka envulopu, kapena pa kapepala kena kapadera kamene sikadzalowa m'failo. Potero mwawateteza iwo omwe, kuti wina asadzanene kuti anagula nyemba kwa inu cifukwa ca cibale ca ku chalichi.

Masiku ano zambiri zikuyenda pa foni, ndipo lamulo silinasinthe. Uthenga wopita kwa wanchito wa boma uyambe ndi moni waufupi wa nthawiyo, mwauka bwanji Bwana kapena mwacoma bwanji Mai, kenaka dzina lanu ndi la kopaletivu, popeza nambala yanu iye saidziwa, ndipo nkhani ibwere mu uthenga womwewo. Musatumize moni wokha ndi kudikira kuti ayankhe musananene cimene mukufuna. Tumizani nthawi ya nchito, osati usiku kapena pa Sondo, ndipo pa nkhani yofuna cilolezo kapena ndalama uthengawo ungokumbutsa za kalata imene munapereka kale, cifukwa uthenga wa pa foni ya munthu sulowa m'failo. Kwa wogula wanu mukhoza kutumiza uthenga wa mau ndi kuseka naye monga mwa masiku onse, koma mukagwirizana mtengo ndi tsiku, mutumizireninso mzere umodzi wolembedwa wochula matumba, mtengo ndi tsikulo, ndipo mlembi akopere zomwezo m'buku la kopaletivu.